Botolo la ku Joni linapita kwa munthu wolakwika

Katundu wochokera ku Joni anafika pa Kasungu boma Lachisanu lina mu Juni, ndipo amene anakamulandira kwa transipota ndi ine, popeza pa abale tonse ndine ndimagona pafupi ndi tauni. Munali bulangete, mafuta ophikira, nsapato za ana, ndi botolo lalikulu la mavitamini lokhala ndi mapilisi 120. Mlongo wanga anali atatumiziratu uthenga wa mawu pa foni: "Achemwali, botololo ndi la bambo. Azimwa limodzi tsiku lililonse. Ndi odula amenewo, asagawireko munthu."

Loweruka ndinakwera basi ya ku Mtunthama kukatula katunduyo kumudzi. Bambo analandira botolo ndi manja awiri, n'kuvala magalasi awo a uphunzitsi, n'kuwerenga zonse zolembedwa pambali mpaka adiresi ya fakitale. Kenako anakaliika pamwamba pa kabati, pafupi ndi Baibulo.

Nthawi yomweyo mlamu wanga, mkazi wa mwini katunduyo, amene anamutenga chitengwa, analowa pabwalo ndi ndowa kuchokera ku mjigo. Mjigo wake suli patali, munthu atakuwa mumamva. Koma atatula ndowayo anakhala pa khonde n'kumapuma ngati wakwera phiri la Kasungu. Anali ndi pakati pa miyezi isanu, mphatso ya ulendo wa Khirisimasi. Pomupatsa moni ndinatembenuza dzanja lake, chizolowezi cha ntchito, popeza ndakhala mzamba zaka zoposa khumi ndi zisanu. Chikhatho chinali mbuu. Pa nsonga ya chitenje anali atamangapo kanthu, ndipo nditafunsa anaseka mwamanyazi: kadothi ka pa chulu.

Pa khomo limodzi panali munthu amene thupi lake linali kusowa chinthu chodziwika dzina, ndi munthu wina wosasowa kanthu. Botolo linapita kwa wachiwiriyo.

Ndiyambe ndi bambo, chifukwa funso limene anthu amandifunsa kawirikawiri ndi la anthu ngati iwo: munthu wodya bwino, wosadwala, mavitamini a m'botolo amamuwonjezera chiyani? Bambo ali ndi zaka 67. Ali ndi dimba kudambo, nkhuku zosawerengeka, mbuzi, ndi mitengo ya magwafa ndi mapapaya kuseri kwa nyumba. M'mawa amamwa phala la mgaiwa lotsira nsinjiro, kapena tiyi ndi mbatata, nthawi zambiri yofiira m'kati ija. Masana nsima ya nyemba ndi nkhwani wotendera, mawa lake usipa ndi mpiru, tsiku lina mazira, Lamulungu nkhuku. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene alangizi a zaumoyo amaimbitsa amayi ku sikelo, bambo amawamaliza osadziwa n'komwe kuti akutsata lamulo la munthu. Kuwonjezera apo, shuga amene amathira mu tiyi ndi mafuta ophikira a m'sitolo, kuno ku Malawi amabwera atathiridwa kale vitamini A, ndipo mchere uli ndi ayodini. Munthu wotere akumwa kale mavitamini owonjezera m'kapu yake ya m'mawa.

Nditawauza kuti botololo siliwathandiza kwenikweni, sanakondwe. Ndinayesa kuwafotokozera m'chinenero cha munda. Chimanga chikachita chikasu chifukwa chosowa chakudya, mukathira yureya chimabiriwira m'masiku ochepa, ndipo aliyense amaona kuti feteleza wagwira ntchito. Koma munda umene mwathira kale mokwanira, mukabwereza thumba lina simukolola ngolo ziwiri m'malo mwa imodzi. Wina amakokoloka ndi mvula, wina amawotcha mbewu. Mavitamini ali chimodzimodzi. Si mafuta a galimoto oti ukathira ambiri upita kutali. Ndi tizinthu tochepa kwambiri timene thupi limafuna kuti ntchito zina ziyende, ndipo muyezo ukakwana, zotsalazo zilibe ntchito. Mavitamini a gulu la B ndi vitamini C amasungunuka m'madzi, choncho ambiri otsala amatuluka ndi mkodzo. Mavitamini A, D, E ndi K amasungunuka m'mafuta ndipo thupi limawasunga, ndiye ena mwa iwo, makamaka A ndi D, akachuluka amaunjikana n'kuyamba kuvulaza.

Patapita sabata bambo anandiimbira foni mwachipambano. "Mwana wanga, sukulu yako ija yaperewera. Mankhwalawa akugwira ntchito. Mkodzo wasintha, ukutuluka wachikasu chowala, akutsuka m'thupi." Ndinaseka mpaka anzanga pa ntchito anatembenuka. Chikasu chimenecho ndi vitamini B2, amene mtundu wake ndi womwewo. Chimene bambo ankaona m'mawa uliwonse ndi ndalama za mwana wawo zikutsikira m'chimbudzi.

Izi si maganizo anga chabe. Nkhaniyi anthu aifufuza kwa zaka zambiri, pa anthu ochuluka. Ku America anatenga madokotala aamuna oposa 14,000, a zaka 50 kupita m'tsogolo, anthu odya bwino ndithu. Theka ankamwa pilisi la mavitamini osakaniza tsiku lililonse, theka ankamwa pilisi lofanana nalo koma lopanda kanthu, ndipo palibe ankadziwa kuti ali mbali iti. Anawatsatira zaka pafupifupi 11. Zotsatira zitatuluka mu 2012, matenda a mtima ndi sitiroko anali chimodzimodzi mbali zonse ziwiri. Kunena chilungamo, khansa inachepako pang'ono kwa omwa mavitamini, ndi magawo 8 pa 100, koma imfa sizinasiyane moti n'kulozapo chala. Mu 2024 kunatuluka kafukufuku wina wa anthu pafupifupi 390,000 amene anatsatiridwa zaka zoposa 20, ndipo omwa mavitamini tsiku ndi tsiku sanakhale moyo wautali kuposa anzawo. Alipo ofufuza ena amene aona kusiyana pang'ono pa kukumbukira zinthu kwa okalamba, ndipo sindikuwatsutsa, koma ndi kusiyana kwakung'ono, kosafanana ndi malonjezo amene amalembedwa pa mabotolo.

Kafukufuku amene ine sindimuiwala ndi wa ku Finland, mwina chifukwa ndinakulira pakati pa zigafa za fodya. Anthu anali ataona kuti odya masamba ndi zipatso zambiri sadwala khansa ya m'mapapo kawirikawiri. Ndiye anaganiza kuti chinsinsi chake ndi betakarotini, chinthu chimene chimapatsa karoti, maungu ndi mbatata yofiira mtundu wake, chimene thupi limasandutsa vitamini A. Anachiika m'mapilisi, mamiligalamu 20 pa tsiku, pa kafukufuku wa amuna osuta fodya oposa 29,000. Mu 1994 anapeza zimene sankayembekeza: khansa ya m'mapapo inachuluka ndi magawo 18 pa 100 kwa amene ankamwa mapilisiwo. Kafukufuku wina wofanana naye ku America anamuimitsa nthawi isanakwane mu 1996 pa chifukwa chomwecho. Maungu sanavulazepo wosuta fodya. Koma chinthu chimodzi chozulidwa m'maungu n'kuchulukitsidwa chinavulaza. Pilisi la bambo lija muyezo wake ndi wochepa, silingafike pamenepo, ndipo iwo anasiya chingambwe kalekale. Koma amene akusutabe n'kumagula mabotolo a betakarotini payekha, asiye.

Tsono apa pali msampha, ndipo uli m'mawu akuti kudya zakasinthasintha. Madokotala a ku America aja ankadyadi zosiyanasiyana chaka chonse. Kuno ambiri timati timasinthasintha pamene chimene chikusintha ndi dzina la masamba basi: lero chisoso, mawa bonongwe, mkuja therere, zonse zothira soda mpaka kufewa ngati phala, pambali pa nsima ya ufa woyera. Ndipo mbale ya mu Juni si mbale ya mu Febuluwale.

Chaka china m'nyengo ya dzinja anabwera kuchipatala bambo wina, tenanti pa esiteti ina ya fodya. Khungu la pa mikono, pa mapazi ndi mozungulira khosi linali lakuda, lokakala, losenda ngati wapsa ndi moto, koma pamene malaya amaphimba panali bwinobwino. Pakhosi zinachita ngati wavala mkanda. Ankatsegula m'mimba kwa milungu, ndipo mkazi wake anati masiku ano akumayankhula zosamveka, mwina amulodza pa nkhani ya mabelo. Anali atamwa kale zitsamba za anthu awiri. Titafunsa chakudya, yankho linali nsima ya ufa wa pa ngongole ndi masamba, miyezi itatu, kuphatikiza kachasu madzulo. Iyi ndi pelagira, matenda osowa vitamini B3, amene dzina lake lina ndi nayasini. Chimanga chili naye vitamini ameneyu, koma ndi womangika moti thupi silitha kumutenga, ndiye munthu wodalira chimanga chokha amagwa. Anapatsidwa mapilisi a nikotinamaidi, mtundu wina wa vitamini B3 yemweyo, mamiligalamu 300 pa tsiku kwa milungu itatu kapena inayi, pamodzi ndi mavitamini ena a gulu la B. M'masiku ochepa m'mimba munaima ndipo mutu unabwerera. Khungu linatsatira pambuyo. Ndikamanena kuti mavitamini sathandiza bambo anga, sindinena kuti ndi mankhwala achabe. Ndinaona ndi maso anga tipilisi totchipa tikubweza munthu amene abale anali atayamba kumulira.

Chondipweteka n'chakuti mankhwala a matenda amenewa timalima tokha. Mtedza uli ndi nayasini wambiri. Mu 1990, m'misasa ya anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique kuno ku Malawi, mtedza unasowa pa chakudya chimene ankalandira kwa miyezi ingapo, ndipo anthu oposa 18,000 anadwala pelagira. Kasungu ndi Mchinji ndi kwawo kwa mtedza, koma pofika Ogasiti mavenda amakhala atakokolola wonse, ndipo mu Januwale mwana wa mlimi wa mtedza amadya ndiwo zosatendera. Thumba limodzi losiyidwa m'nyumba lingachite zimene botolo la ku Joni silingachite.

Palinso zina zimene ngakhale wodya bwino sangazione m'mbale. Dothi la madera ambiri a dziko lino lili ndi seleniyamu wochepa, mchere wina umene thupi limafuna pang'ono, ndiye chimanga chake chimakhalanso chomwecho. Mu 2019 ofufuza anabwera konkuno kwa Wimbe ndi ufa wa chimanga cholimidwa ndi feteleza wothira seleniyamu, n'kugawira mabanja, ndipo m'miyezi iwiri yokha seleniyamu m'magazi a amayi ndi ana anakwera kwambiri. Onani kuti sanabwere ndi mabotolo. Anakonza nsima yomweyo.

Tibwerere kwa mlamu wanga, chifukwa nkhani yeniyeni ili pa iye.

Madzulo a Loweruka lomwelo ndinamuitanira kuseri kwa nkhokwe n'kumupempha buku lake la ku sikelo. Anali atapitako kawiri, ndipo maulendo onse awiri analandira mapilisi owonjezera magazi, aulere. Ndinafunsa ngati akumwa. Anayang'ana pansi. Kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi timapepala tiwiri ta pulasitiki, todzaza, tochokera pansi pa matiresi.

"Alamu, ndinamwa masiku atatu okha. Amandichititsa nseru, ndipo chimbudzi chinada bii, ndinaopa. Komanso anthu akuti mwana amakula kwambiri, ukabereka ndi mpeni. Ena akuti magazi akachuluka umataya ambiri pochira."

Sindinamukalipire, ngakhale mtima unafuna. Mawu amenewa ndawamva kambirimbiri, ndipo mbali ina mlandu ndi wathu azamba: pa sikelo pamakhala amayi ochuluka, timangoti "kamweni limodzi pa tsiku" osanena zimene munthu akaone akamwa.

Lolemba ndinapita naye kukayezetsa. Kamakina kobaya pa chala kanaonetsa 8.6. Kwa mayi woyembekezera, muyezo wa magazi ukatsika pansi pa 11 timati magazi achepa, ndipo ukatsika pansi pa 7 ndi ngozi yeniyeni. Iye anali pakati, akutsetsereka. Sali yekha: kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi oyembekezera 45 pa 100 alionse m'Malawi anali ndi magazi ochepa.

Chofunika kumvetsa n'chakuti mlamu wanga amadya m'mphika umodzi ndi bambo. Nyemba zomwezo, usipa womwewo. Nanga bwanji wina zikumukwanira, wina ayi? Nkhani ili pa ayironi, chinthu chimene thupi limapangira magazi. Mwamuna wamkulu amataya ayironi wochepa kwambiri, pafupifupi miligalamu imodzi pa tsiku, ndipo chakudya chimabwezeretsa mosavuta. Mkazi amataya wina mwezi uliwonse akamasamba, ndiye ambiri amatenga mimba nkhokwe ili kale pansi. Mimba yokha imafuna ayironi pafupifupi mamiligalamu 1,000 kuyambira poyamba mpaka pochira, chifukwa magazi a mayi amawonjezeka pafupifupi ndi theka, mwana akupanga ake, chotsalira nachonso chikufuna. Pomwe ayironi wa mu nyemba ndi masamba amalowa m'thupi movutikira: gaga wa chimanga ndi makoko a nyemba ali ndi zinthu zomumanga, tiyi nayenso amamumanga. Wa mu nyama, chiwindi ndi nsomba ndiye amalowa bwino, koma pa khomo la kumudzi tikudziwa amene amalandira ntchafu ya nkhuku ndi amene amatsala ndi chipalapaso. Mwana wake woyamba anali asanakwanitse zaka ziwiri, ndiye thupi linali lisanabweze ngongole yakale. Apa ndi pamene chakudya chabwino chimaperewera, ndipo n'chifukwa chake bungwe la WHO limati mayi aliyense woyembekezera, wodya bwino kapena ayi, azimwa ayironi wa mamiligalamu 30 mpaka 60 ndi foliki asidi wa mamaikulogalamu 400 tsiku lililonse.

Tisanathamangire mapilisi tinayamba tafufuza kumene magazi akuthawira, popeza kuthira madzi mu ndowa yobooka n'kutaya nthawi. Malungo amaswa magazi, ndiye anayezedwa, ndipo analibe. Njoka za m'mimba zimayamwa magazi mwakachetechete, ndiye analandira alubendazo, amene amaperekedwa miyezi itatu yoyamba ikadutsa. Anamwa Fansida wake woteteza ku malungo pamaso pa namwino, ndipo neti imene inali ikutchinga nkhuku ku dimba inabwerera pa bedi. Kenako, popeza uku sikunalinso kupewa koma kuchiza, anauzidwa kumwa mapilisi awiri pa tsiku m'malo mwa limodzi, kufikira magazi atabwerera.

Nkhani ya nseru tinaikonza motere. Pilisi asamwe m'mimba muli pululu m'mawa, pamene nseru ya mimba ili pachimake. Limodzi amwe atadya masana, lina pogona. Asatsikitsire ndi tiyi, ndipo pakati pa tiyi ndi pilisi papite maola awiri. M'malo mwake adye nachesi, lalanje kapena gwafa, kapena amwe madzi a malambe, chifukwa vitamini C amathandiza ayironi kulowa. Mwamwayi Juni ndi nyengo ya manachesi. Chimbudzi chakuda ndi ayironi wotsala amene sanalowe m'thupi, si magazi, si matenda. Akadzimbidwa, madzi ambiri ndi papaya. Ndipo ndinamuuza kuti tsiku limene awiri amukanika, amwe limodzi, kusiyana n'kubweza onse pansi pa matiresi.

Za mwana wamkulu ndinamuyankha mosabisa. Mapilisiwa sanenepetsa mwana mopitirira. Chimene amachita ndi kuchepetsa mpata woti abadwe wonyentchera kapena masiku asanakwane. Ndipo za kutaya magazi, zoona zake n'zotembenuza. Mayi aliyense amataya magazi pochira. Amene walowa m'chipinda ali ndi 12 akataya theka la lita amadzuka n'kuyamwitsa. Amene walowa ali ndi 7 akataya omwewo, timayamba kuthamanga usiku kufunafuna ambulansi ndi wachibale wopereka magazi. Ndathamangapo maulendo okwanira.

Dothi lija ndinamulanda. Chilakolako cha dothi nthawi zambiri chimayenda limodzi ndi kuchepa kwa ayironi, ndipo dothilo limatha kumanga ayironi m'matumbo n'kubweretsanso mazira a njoka. Sanakhulupirire nditamuuza kuti chilakolakocho chidzatha chokha. Patatha milungu itatu ananditumizira uthenga kuti wadutsa pa chulu osatembenuka.

Patatha mwezi kamakina kanaonetsa 9.8. Umu ndi mmene timadziwira kuti tagwira matenda enieni: ngati vuto ndi ayironi ndipo munthu akumwadi, muyezo umakwera ndi 1 kapena kuposerapo m'milungu inayi. Ukapanda kusuntha, pali zitatu: sakumwa, akutayabe magazi penapake, kapena vuto si ayironi n'komwe, ndiye pafunika kuyeza mozama osati kuwonjezera mapilisi. Pofika mwezi wachisanu ndi chinayi anali pa 11.2.

Bambo atamva kuti mpongozi wawo magazi achepa, anatsitsa botolo lija pa kabati mwaulemu wonse. "Mupatseni awa, ndi amphamvu, achokera kunja." Mtima wake unali wabwino, koma tinawerenga limodzi pambali pa botolo. Linapangidwira amuna a zaka zoposa 50, ndipo munalibe ayironi ngakhale pang'ono. Opanga anachita dala, chifukwa mwamuna wamkulu safuna ayironi wowonjezera, thupi lilibe njira yotayira wochuluka. Ndipo mwamuna kapena mayi amene anasiya kusamba akapezeka ndi magazi ochepa, funso loyamba ndi lakuti akutuluka pati, mwina chilonda cha m'mimba, mwina chotupa m'matumbo. Kumupatsa mapilisi osafufuza n'kuphimba dzenje ndi udzu. Munalinso vitamini A, amene mayi woyembekezera sayenera kupitirira ma IU 10,000 pa tsiku chifukwa wochuluka amatha kupundula mwana m'mimba. Pilisi limodzi silikanafika pamenepo, koma ndaonapo amayi akumwa mabotolo awiri atatu nthawi imodzi poganiza kuti akuchita bwino. Tipilisi taulere ta pansi pa matiresi tinali toyenera kuposa botolo lokwera mabasi masiku awiri.

Chimodzi chokha chimene tinachedwa nacho ndi foliki asidi. Ntchito yake yaikulu imachitika msanga kwambiri. Msana ndi ubongo wa mwana zimayamba ngati kamzere kotseguka kamene kamatsekeka pofika tsiku la 28 chitengereni pakati, nthawi imene mayi akungodabwa kumene kuti mwezi wadumpha. Kakapanda kutsekeka bwino, mwana amabadwa ndi chotupa pamsana, nthawi zina miyendo yosagwira. Foliki asidi amachepetsa kwambiri ngozi imeneyi, koma pokhapokha ngati ali kale m'thupi. Kuno amayi ambiri amayamba sikelo pa miyezi inayi kapena isanu, chitseko chitatsekedwa kale. Ndiye ngati pali munthu wathanzi, wodya bwino, amene ndingamuuze kuti ayambe kumwa pilisi lero asanadwale chilichonse, ndi mkazi amene akuganiza zotenga pakati. Koma asamale muyezo. M'mafamase mumapezeka foliki asidi wa mamiligalamu 5, woposa kakhumi muyezo wa tsiku ndi tsiku uja, ndipo wochuluka chotere amafooketsa Fansida amene amateteza mayi ku malungo. Ameneyo ndi wa amayi ochepa amene dokotala wawasankha pa zifukwa zake. Safunsa anadya phula.

Ndipo amene muli ndi mapilisi a ayironi m'nyumba, ikani pamwamba. Amaoneka ngati maswiti, ndipo mwana wamng'ono akameza ochuluka akhoza kufa.

Munthu wachitatu pa khomopo ndinatsala pang'ono kumuphonya, ndipo ndi mayi anga ondibala. Akhala akumwa metifomini wa matenda a shuga zaka zisanu ndi zitatu. Kwa chaka chathunthu ankadandaula kuti mapazi achita dzanzi, usiku amayaka, ndipo patapata amavuka osamva. Tonse, ine ndemwe, tinkati ndi shugayo, popeza shuga amawonongadi mitsempha ya m'mapazi. Koma metifomini akamwedwa zaka zambiri amachepetsa kalowedwe ka vitamini B12, ukalamba nawonso umachepetsa, ndipo B12 amapezeka mu zanyama zokha: nyama, nsomba, mazira, mkaka. Mayi mano anatha, nyama anaisiya kalekale. Chiwindi chimasunga B12 wa zaka zingapo, n'chifukwa chake vutoli limabwera mochedwa ndi mozemba. Tinapita nawo ku Lilongwe kukayezetsa, ndipo anapezeka wotsika. Anayamba jakisoni wa miligalamu imodzi, pafupipafupi masabata oyamba, kenako kamodzi pa miyezi iwiri kapena itatu. Metifomini sanasiye, ndipo asasiye. Kuyaka kunachepa, koma dzanzi la ku zala silinathe lonse, mwina mbali ina ndi shugayo, mwina tinachedwa. Zimenezi zimandidya mpaka lero. Botolo la bambo linali ndi B12, koma kochepa kwambiri kwa munthu amene matumbo ake sakulowetsa bwino. Choopsa china n'chakuti foliki asidi wa m'mapilisi osakaniza amatha kukonza maonekedwe a magazi, woyeza n'kuona ngati zili bwino, pamene mitsempha ikupitirira kuwonongeka.

Zofanana ndi zimenezi zilipo kwa amene akumwa aisoniyazidi wa TB: kapilisi kakang'ono ka vitamini B6 kamene amakupatsani limodzi si kokongoletsa, kamateteza mitsempha ya m'mapazi. Chimodzimodzi kapisozi wa vitamini A amene ana a miyezi 6 mpaka zaka zisanu amadonthezeredwa m'kamwa pa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, wabuluu kwa makanda, wofiira kwa okulirapo. Onsewa ali ndi chinthu chimodzi chofanana: tikhoza kutchula dzina la chimene chikusowa, chifukwa chake, muyezo wake, ndi tsiku losiyira. Wogulitsa wa pa depoti amene amati botolo lake limachiza kufooka, shuga, kuthamanga kwa magazi ndi mphamvu za m'banja nthawi imodzi sangatchule ngakhale chimodzi. Ena mwa amene amagulitsidwa ngati mavitamini onenepetsa si mavitamini n'komwe, muli mankhwala a ziwengo amene amadzutsa njala ndi kugonetsa tulo.

Mlamu wanga anachira mu Okutobala, mwana wamkazi wa makilogalamu 3.1, popanda mpeni, ndipo anapitiriza mapilisi ake miyezi itatu ina kuti nkhokwe idzaze. Mlongo wanga ataimba kufunsa ngati atumize botolo lina, ndinamuuza kuti ndalamayo atumize pa foni, igule mazira ndi usipa wa mkazi wake ndi kulipira ulendo wa mayi wa ku jakisoni. Anang'ung'udza kuti ndikunyoza mphatso yake, koma anatumiza.

Bambo anamaliza mapilisi onse 120, limodzi m'mawa uliwonse, ndipo mpaka lero amanena kuti miyezi inayi imeneyo mawondo sankapweteka. Ndinasiya kutsutsana nawo. Botololo analitsuka, ndipo ulendo wathawu ndinalipeza pa kabati pomwe paja, pafupi ndi Baibulo, muli mbewu ya mpiru.